Phala Lomwe Limayamwa Mchere M'khoma

Tikaona ufa woyera m'munsi mwa khoma lakale, ambiri timangoti ndi laimu wakutha. Nthawi zambiri umakhala mchere. Makoma akale ngati a linga la Fort Lister, lomangidwa mu 1893 kuseri kwa phiri la Mulanje, amaima panthaka yonyowa, ndipo amakoka madzi monga thonje la nyali limakokera parafini. Madziwo amakwera ndi mchere wosungunuka. Dzuwa likawomba madzi amauma, mchere n'kutsala.

Mchere wotsalira kunja, uja timatha kusesa, sutidetsa nkhawa kwambiri. Woopsa ndi wouma mkati mwa timabowo ta mwala, chifukwa timibulu take tikamakula timakankha mwala mpaka khungu lake kusuwuka ngati chipere. Kuno chiperoni chimawonjezera vutoli. Mchere wa m'ndiwo umayamba kusungunuka wokha chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, ndiye chifunga chikadutsa umaumanso, n'kukankhanso. Mwala wa m'phiri lathu ndi wothinana, motero zimayamba kufumbutuka ndi njerwa ndi dothi lomangira la pakati pa miyala.

Kutsuka ndi paipi kumangothamangitsira mchere mkati. Akatswiri amaumata phala. Tiyerekeze chigamba cha khoma cha mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Choyamba amasesa ufa uja pouma. Kenako amakanda ulusi wa pepala, dongo loyera ndi mchenga wosefa m'madzi opanda mchere, n'kumata phalalo mochindikala sentimita imodzi, zomwe zimafuna malita 10. Madzi a m'phala amalowa m'mwala n'kusungunula mchere. Phala likayamba kuuma kunja, madziwo amabwerera atanyamula mchere, ndipo umakaumira m'phala m'malo mwa m'mwala. Likauma, patapita masiku angapo, amalimatula n'kukalitaya kutali ndi khomalo.

Chinsinsi chagona pa timabowo. Timabowo ta phala tiyenera kuchepa kuposa ta mwala, pakuti kabowo kakang'ono ndiko kamakoka madzi mwamphamvu. Pepala lokha limakhala ndi mabowo aakulu, n'chifukwa chake amaonjezera dongo. Koma dongo likachuluka phala limang'aluka n'kulekana ndi khoma, kuyamwa n'kuthera pomwepo. Mchenga ndiwo umaletsa zimenezi.

Kuti adziwe ngati zatheka, amaviika kachidutswa ka phala lomatulalo m'madzi oyera n'kuyeza mmene madziwo akudutsitsira magetsi, popeza madzi amchere amadutsitsa kwambiri. Amamata kachiwiri, kachitatu, mpaka nambala itasiya kutsika.

Tisayembekezere zambiri. Phala limangofika masentimita ochepa mkati, ndipo mchere wina, monga jipisamu, umavuta kusungunuka: magalamu awiri okha pa lita, pamene wa m'ndiwo umafika 360. Ngati madzi akudikhabe m'tsinde mwa khoma, kapena wina wapakapo pulasitala wa simenti wotsekera chinyezi mkati, ufa woyera uja udzaonekanso dzinja likangotha.