Kuchuna transimita ya 4-20 mA

Transimita yoyeza madzi m'thanki lakuya mamita 5 imatumiza mamiliampu 4 thanki likauma, ndi 20 likadzaza. Poichuna, mmisiri amalumikiza mita yoyezera mphamvu ya magetsi mumzere wa waya womwewo, n'kupopera mpweya mu transimitayo kuti ikhale ngati yamizidwa. Popanda mpweya amatembenuza `ZERO` mpaka mita ionetse 4. Akapopa kufika polingana ndi mamita 5 amatembenuza `SPAN` kufikira 20. Amabwerezanso, chifukwa pa zida zakale kukhudza kumodzi kumasuntha kwinako.

Mita ikaonetsa 13.6, amachotsapo 4, n'kugawa 9.6 yotsalayo ndi 16, kupeza 0.6. Kuchulukitsa ndi 5 kumapereka mamita 3 a madzi. Ikaonetsa 0, thanki lisanamiziridwe kuti lauma: kawirikawiri waya waduka kapena magetsi azima.