Galasi ya citseko ilemera kupambana saka ya unga

Mukayenda m'misewu ya Northrise ku Ndola masiku ano, mudzaona nyumba zambiri zakale zikukonzedwa. Mawindo a tumagalasi ting'onoting'ono akucotsedwa, m'malo mwake akuikamo zitseko zoselezeka za aluminiyamu ndi magalasi akuluakulu. Vuto ibwera pamene kanta yafika pageti. Galasi ioneka yopepuka cifukwa maso apyola, ndipo mumva bwana akuuza mnyamata mmodzi kuti, "Iwe, nyamula cabe, ni galasi iyi." Koma galasi ilemera pafupifupi molingana ndi konkiliti ya ukulu womwewo.

Kulemera kwake mungakudziwe mukalibe kuigwira. Galasi ya mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ilemera makilo 2.5 pa milimita iliyonse ya kucindikala kwake. Conco ya mamilimita 4, imene ipezeka pa mawindo ambiri, ndi makilo 10 pa sikweya mita. Ya mamilimita 6 ndi makilo 15, ndipo ya 10 ndi makilo 25. Samu yake ndi iyi: m'litali × m'lifupi × kucindikala × 2.5. M'litali ndi m'lifupi mupime m'mamita, kucindikala m'mamilimita.

Titenge citseko coselezeka ca pakhonde. Galasi yake ikhale mamita 2.1 m'litali, 0.9 m'lifupi, kucindikala mamilimita 6. Mukaculukitsa 2.1 ndi 0.9 mupeza masikweya mita 1.89. Culukitsaninso ndi 15, yankho ndi makilo 28 ndi pang'ono. Apa yapambana kale saka ya unga wa bulekifasiti ya makilo 25, ndipo felemu ya aluminiyamu tikalibe kuiwerengera.

Manje munthu mmodzi afunika kunyamula zingati? Bungwe la boma la Britain loona za citetezo pa nchito lipereka malire amene ambiri atsatira: makilo 25 kwa mwamuna ndi 16 kwa mkazi. Koma malire awa agwira nchito ngati katundu uli pafupi ndi thupi, ca m'ciuno. Mukatambasula manja atsika kufika pa makilo 15, ndipo mukakweza kupitirira mapewa atsala 10 kapena 5 cabe. Saka ya unga mungaikumbatire. Galasi yotalika mamita awiri simungaikumbatire, manja akhala otambasuka njira yonse. N'cifukwa cake citseko cija n'ca anthu awiri, ngakhale mnyamatayo akhale wamphamvu bwanji.

Anthu awiri nawonso sanyamula kuwirikiza kawiri. Malangizo omwewo akuti awiri atenge magawo awiri mwa atatu a mphamvu zawo pamodzi, kutanthauza makilo 33 kwa amuna awiri, osati 50. Cifukwa cake n'cakuti sayenda mofanana. Pa masitepu kapena pamalo otsetsereka, amene ali kumunsi ndiye asenza kulemera kwambiri. Conco citseko ca makilo 28 cikwana bwino awiri. Koma galasi ya kutsogolo kwa shopu, ya mamita 2.4 ndi 1.8, yocindikala mamilimita 10, ilemera makilo 108, kupambana matumba awiri a simenti. Iyi si ya manja cabe. Ifuna ngolo yake yoimika magalasi, zogwirira zomata pagalasi, ndi gulu la anthu ozolowera nchitoyi.

Kanyamulidwe nako kali ndi lamulo. Galasi inyamulidwa coimirira, osati cogona monga thebulo. Ikagona, kulemera kwake komwe kuipinda pakati ndipo ingathyoke ili m'manja. Valani magolovesi osaceka ofika kupitirira pamkono, pakuti pamenepo mitsempha ya magazi ili pafupi ndi khungu, ndi nsapato zotseka, osati mapatapata. Poitula, ikani matabwa pansi. Galasi yolimbitsidwa ndi moto ndi yolimba pakati, koma kona yake ikagunda simenti iphulika yonse kukhala tuzidutswa. Mukaona kamng'alu kapena pobenthuka m'mphepete, uzani wogulitsa ikalibe kutsika pa kanta, cifukwa mng'alu uyambira pamenepo.

Samalaninso ndi mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala kuno ku Kopala. Galasi yaikulu igwira mphepo monga lata, ndipo ingakukankheni mwadzidzidzi pakati pa geti ndi khomo. Ikayamba kupulumuka, musayese kuiwakha. Futukani, isiyeni igwe. Galasi mudzagula ina, koma mtsempha wa dzanja ukaduka, zala zingaleke kugwira nchito.

Conco poitanitsa galasi, funsani miyeso yonse itatu, citani samu pa foni, ndipo uzani kontilakita anthu angati afunika patsikulo. Yankho ikapitirira makilo 25, kapena galasi ikakula kupambana pofika manja, mnyamata mmodzi asaigwire yekha.