IMPSO ZIKAFOOKA, MANKHWALA OGONETSA AUNJIKANA M'THUPI

M'makomboni mwathu anthu amabwerekana mcere, makala ngakhale mankhwala. Koma mulingo wa mankhwala umene ugoneka bwino munthu wina ungathe kugoneka mnzace tulo tosadzuka nato, maka-maka ngati impso zace ziri zofooka.

Naci citsanzo. Agogo amuna a zaka 68 adwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndipo ku kiliniki anauzidwa kale kuti impso zao zatopa. Usiku sagona cifukwa mapazi amaotcha ngati aponda pa mbaula. Mai wa nyumba yoyandikana nao ali ndi bvuto lomweli, ndipo amamwa gabapentini wa mamiligalamu 300 katatu pa tsiku. Mwana wamkazi wa agogo, pomvera atate ace cifundo, awagulira mankhwala omwewo naonjezapo mapilitsi a ululu okhala ndi kodini.

Tsiku loyamba agogo agona bwino ndipo banja likondwera. Tsiku lacitatu aodzera nsima iri m'manja. Tsiku lacisanu ayenda dzandi-dzandi, lilime lalemera, manja angodzidzimuka okha mpaka kapu kugwa. M'mawa mwa tsiku lacisanu ndi cimodzi sadzuka ngakhale awagwedeze. Mwana wao alumbira kuti sanapyole mulingo, ndipo anena zoona. Nanga calakwika n'ciani?

Mankhwala ali onse amene munthu amwa ayenera kuturukanso. Nchito imeneyi igwiridwa ndi ziwalo ziwiri: ciwindi cimaphwanya mankhwala, ndipo impso zimasefa magazi ndi kutaya zotsalazo mu mkodzo. Gabapentini saphwanyidwa ndi ciwindi konse. Aturuka monga analowera, ndipo khomo lace ndi impso zokha.

Kwa mai uja wa impso zabwino, theka la mankhwalawa licoka m'magazi pa maola 5 kufikira 7. Pakutha tsiku limodzi, pilitsi la m'mawa latsala kadontho cabe. Kwa agogo, amene impso zao zisefa pang'ono-pang'ono, theka lomwelo litenga pafupi-fupi masiku awiri kuti licoke. Pa masiku awiriwo iwo amwanso mapilitsi ena 6. Ziri ngati ngalande ya m'komboni yotsekeka ndi zinyalala: mvula siinaonjezeke, koma madzi akwera tsiku ndi tsiku mpaka alowa m'nyumba. N'cifukwa cace ngozi siioneka tsiku loyamba. Mankhwala apitiriza kukwera kwa sabata lathunthu kapena kuposerapo.

Nkhani ya kodini iri ndi msampha wina. Ciwindi cimasandutsa gawo la kodini kukhala mofini, ndipo mofiniyo cimamusandutsanso kukhala zotsalira zina. Anthu ambiri aganiza kuti mankhwala akaphwanyidwa ndiye kuti mphamvu yao yatha. Si onse ai. Cimodzi mwa zotsalira za mofini, cimene madokotala amacilemba M6G, cikali ndi mphamvu yogonetsa ndi yocepetsa kupuma, ndipo naconso cituruka kupyolera mu impso. Ciwindi ca agogo cigwira nchito yace bwino lomwe, cipitiriza kupanga zotsalirazo, koma palibe wozitaya. Zoterezi zionekanso m'cipatala ndi midazolamu, mankhwala ogonetsa odwala kwakaya-kaya: wodwala impso angakhale ali mtulo kwa masiku atasiya kale kumpatsa, cifukwa zotsalira zace zikali m'magazi.

Valiyamu, mapilitsi a cimfine oodzeretsa ndi mowa ziwonjezera moto pa moto. Bongo wa munthu wodwala impso umagonja msanga ku zinthu zogonetsa, ndipo ziwiri zikakumana mphamvu yace iposa ya cimodzi.

Agogo atafika ku cipatala, coyamba ndi kuwerenga mapumidwe ao ndi kupima shuga, pakuti shuga yotsika nayonso imakomola munthu, ndiponso insulini imakhalitsa m'thupi impso zikafooka. Munthu wamkulu amapuma nthawi 12 kufikira 20 pa mphindi imodzi. Agogo apuma nthawi 8 zokha, ndipo timaso takuda tapakati tacepa ngati mutu wa phini. Ici ndi cizindikiro ca mankhwala a mtundu wa mofini. Awabaya nalokisoni, mankhwala ocotsa mphamvu ya mofini, ndipo atsegula maso.

Apa ndi pamene abale ambiri amalakwa, nayamba kupempha kuti apite nao kunyumba. Mphamvu ya nalokisoni imatha pa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene zotsalira za mofini zikali m'magazi. Wodwala angabwerere mtulo ali pa minibasi. Ayenera kugonekedwa, kuyang'aniridwa ndi kubayidwanso ngati kupuma kwatsika. Gabapentini alibe mankhwala omucotsa mphamvu. Amangomuleka ndi kudikira masiku, koma zikabvuta makina osefa magazi, monga amene ali pa cipatala ca UTH mu Lusaka, amatha kumucotsa.

Mulingo woyenera udziwika ndi kupima magazi. Amapima kiriyetinini, zinyalala zocokera mu minofu zimene impso zimataya, ndipo kucokera pamenepo amawerengera nambala yolembedwa eGFR pa pepala la zotsatira. Impso za munthu wacinyamata wathanzi zimapereka 90 kapena kuposa. Pansi pa 30 ndiye kuti zafooka kwambiri, ndipo pansi pa 15 zatsala pang'ono kulephereratu. Ya agogo yapezeka pa 20. Kwa munthu wotere dokotala amayamba ndi mulingo waung'ono, monga mamiligalamu 100 kamodzi pa tsiku, nadikira masiku angapo asanaonjeze. Agogo anali kumwa 900. Kodini ndi mofini amazipewa, nasankha mankhwala ena a ululu osadalira impso kwambiri.

Kukodza kwambiri si umboni wakuti impso ziri bwino. Impso zofooka zingaturutse madzi ambiri, maka-maka usiku, koma zinyalala n'kuzisiya m'magazi. Komanso nambala ija siikhala malo amodzi. Kutsegula m'mimba, kusanza kapena kumwa mapilitsi a ululu monga burufeni ndi dikilofenaki kungaitsitse pa masiku owerengeka, ndipo mulingo umene unali bwino mwezi watha usanduka wocuruka.

Conco banja losamalira wodwala impso liyenera kuchula matendawa kwa ali yense wolemba kapena wogulitsa mankhwala, ndi kunyamula mapaketi onse popita ku kiliniki, pamodzi ndi ogula pa kantemba ndi a zitsamba. Pa sabata loyamba la mankhwala atsopano oodzeretsa, aziona ngati tulo tikuonjezeka tsiku ndi tsiku. Ngati tikuonjezeka, asampatse mulingo wotsatira asanaonane ndi a cipatala tsiku lomwelo. Koma mankhwala a khunyu, kapena ogonetsa amene munthu wamwa kwa miyezi, sayenera kulekedwa mwadzidzidzi popanda dokotala, cifukwa angayambe kukomoka.

Wodwala akabvuta kudzutsa, kapena akapuma nthawi zosakwana 10 pa mphindi, agonekedwe cammbali ndi kuthamangira naye ku cipatala, ngakhale pakati pa usiku. Asamwetsedwe mkaka, phala kapena madzi a mcere kuti asanze, pakuti munthu wa tulo totere amatsamwa ndipo zakudyazo zimalowa m'mapapo. Asasiyidwenso kuti "agone, adzadzuka mawa". Mkonono wacilendo mwa munthu wosadzutsika si tulo tabwino ai, koma ndi mpweya umene ukubvutika kudutsa.