Kumasula bawuti yadzimbiri popanda kuidula

M'madera olima tiyi ngati kwa Khonjeni m'boma la Thyolo, zitsulo sizichedwa kuchita dzimbiri. Mvula ikatha, chiperoni chimatenga malo m'miyezi yozizira, ndipo ngolo ya thirakitala yomwe lero yanyamula masamba onyowa mawa imanyamula feteleza, amene amadya chitsulo mofulumira. Zotsatira zake ndi mabawuti okana kumasuka, omwe ambiri amaduka chifukwa chowakakamiza.

Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako. Likamera m'mazinga, limadzaza kampata ka pakati pa bawuti ndi nati, ziwirizo n'kugwirana ngati chinthu chimodzi. Choncho ntchito yeniyeni ndi kuswa dzimbirilo. Mphamvu zimabwera pomalizira.

Chitsanzo chabwino ndi bawuti ya mamilimita 12 yomanga thupi la ngolo, yomwe nati yake imafuna sipanala ya 19. Bawuti yotere, ngati pamutu pake palembedwa 8.8, imamangidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 8 pamapeto a chogwirira chotalika mita imodzi. Munthu akalumikiza paipi ya mita kusipanala n'kutsamirapo ndi makilogalamu 20, ndiye kuti wapitirira kawiri. Paipi ndiyo imadula mabawuti ambiri.

Poyamba amapala mazinga oonekera ndi bulashi ya waya, chifukwa nati idzayenera kudutsa pomwepo. Kenako amathira mafuta opyapyala olowerera, monga WD-40, pamene nati yakumana ndi bawuti. Ngati palibe, dizilo kapena parafini amathandizako. Oyilo wa injini ndi wokhuthala, amangokhala pamwamba. Mafutawa amalowa pang'onopang'ono. Mphindi 15 zimakwanira pa dzimbiri lochepa, koma bawuti yomwe yaona mvula zaka zingapo imafuna kuthiridwa madzulo ndi kuyesedwa m'mawa.

Mafuta akulowa, ndi pomwe hamala imagwira ntchito. Amagwiriziza hamala yolemera kumbali imodzi ya nati, n'kumagogoda mbali inayo ndi yaing'ono, mozungulira. Dzimbiri ndi lofumbutuka, kotero kunjenjemerako kumaliswa ndi kutsegulira mafuta njira. Kumenya nsonga ya bawuti n'kulakwitsa: imaphwatalala, ndipo nati siingatulukenso.

Sipanala yoyenera ndi yozungulira nati yonse, makamaka ya ngodya zisanu ndi imodzi. Yotsegula kukamwa imaterereka n'kudya makona. Amakaniko odziwa amayamba ndi kumanga pang'ono, kenako n'kumasula. Ikangosuntha, amaibweza, kuthiranso mafuta, n'kupitirira pang'ono kuposa poyamba, mpaka itatuluka.

Dzanja limadziwa zomwe zikuchitika. Nati yomwe ikumasuka imalira kapena kuthetheka, ndipo nsonga ya bawuti siizungulira nayo. Koma sipanala ikayamba kuyenda mofewa, mwakachetechete, nsonga ikutsatira pamene mutu wagwidwa, ndiye kuti bawutiyo ikupotoka ndipo yatsala pang'ono kuduka. Mzere wa choko wodutsa pa nati ndi pansonga umaonetsa zimenezi msanga. Apa ndi posiyira.

Zikakanika, pamafunika moto, womwe amaupeza kwa owotcherera ndi gasi. Mafuta onse ayambe apukutidwa, chifukwa amayaka. Lawi lilunjike pa nati, osati pa bawuti, ndipo litenthe mwachangu kuti nati ifutukuke bawuti isanatenthe. Kufutukukako n'kochepa zedi: bowo la mamilimita 12 likatentha ndi madigiri 300 limakula ndi mamilimita 0.04 okha, pafupifupi theka la kunenepa kwa tsitsi. Komabe n'kokwanira kuswa dzimbiri. Sipanala ilowe nati ikadali yotentha. Ikakanabe, amaisiya izizire mpaka ifunde chabe, n'kuthiranso mafuta ndi kubwereza.

Moto uli ndi malire ake. Suyenera kuyandikira thanki ya mafuta, mawaya, mapaipi a mabuleki kapena sipuling'i, yomwe imafooka ikatenthedwa. Nati ya gudumu isatenthedwe tayala lili pomwepo, popeza limatha kuphulika ngakhale moto utachotsedwa. Bawuti yokutidwa ndi zinki imatulutsa utsi wodwalitsa, ndipo iliyonse yomwe yapsa mpaka kufiira yataya kulimba kwake, isabwezeredwenso pangolo yonyamula katundu m'zitunda za ku Thyolo.

Pali mabawuti ena omwe sakana chifukwa cha dzimbiri. Pedulo ya kumanzere ya njinga, komanso manati a magudumu a kumanzere pa malole ena, ali ndi mazinga obwerera, ndipo amamasuka powazunguliza kumanja. Kawirikawiri amalembedwa chilembo cha L.

Nati ikakana zonsezi, kuli bwino kuitaya. Amaicheka ndi sowo ya zitsulo mbali imodzi, motsata kutalika kwa bawuti, osafika pamazinga, kenako n'kuing'amba ndi tchizulo. Nati yatsopano imapezeka m'mashopu a ku Luchenza, pamene bawuti yodukira m'kati mwa chitsulo imafuna kubooledwa pamakina.