Samu Zofanana Nkhope, Njira Zosiyana

M'chaka choyamba cha kalikulasi, wophunzira amapatsidwa njira zitatu zopezera intigiro: kulowetsa chilembo china m'malo, kugawa samu pawiri, ndi kuphwanya fulakishoni. Vuto limabwera pamayeso, pamene funso silitchula njira yoti atsate.

Intigiro ndi kubwerera m'mbuyo kuchoka pa derivetivu. Choncho funso loyamba, lomwe ine ndimati lisadumphidwe, ndi ili: kodi m'samuyi muli chinthu chimene derivetivu yake ilinso pomwepo?

Taonani ∫x·e^(x²) dx. Derivetivu ya x² ndi 2x, ndipo x ali pambalipo. Tikati u = x², ndiye du = 2x dx, samu yonse imasanduka ½∫e^u du, yankho n'kukhala ½e^(x²) + C. Kusowa kwa 2 si nkhani, chifukwa nambala wamba imakonzeka ndi ½. Koma x akatsala pambuyo polowetsa u, osatheka kumulemba ndi u, njirayo yakana.

Tsopano ∫x·e^x dx. Nkhope ndi yomweyo, koma x ndi e^x angochulukitsidwa, palibe amene ali derivetivu ya mnzake. Apa timagawa pawiri: ∫u dv = uv − ∫v du. Nzeru yonse ili posankha u. Tengani chimene chimapepuka mukachipezera derivetivu, pano x, amene amasanduka 1. Ndiye u = x, dv = e^x dx, ndipo tipeza x·e^x − ∫e^x dx, kapena kuti x·e^x − e^x + C. Mukasankha mosemphanitsa, kutenga e^x kukhala u, intigiro yotsala imatuluka ndi x²/2. Mphamvu ya x yakwera m'malo motsika, ndipo ichi n'chizindikiro choti mubwerere msanga.

Pa fulakishoni ndi pamene ambiri amathamangira ntchito yaikulu pachabe. Akangoona ∫x/(x²−1) dx amayamba kuphwanya, chonsecho x wapamwambayo ndi theka la derivetivu ya chapansi. Kungoti u = x²−1, yankho lapezeka: ½ln|x²−1| + C. Koma x uja akachoka n'kutsala ∫1/(x²−1) dx, kulowetsa u sikuthandizanso. Chapansi chimagawika kukhala (x−1)(x+1), motero timalemba A/(x−1) + B/(x+1). Kuika x = 1 mu 1 = A(x+1) + B(x−1) kumapereka A = ½, ndipo x = −1 amapereka B = −½. Yankho ndi ½ln|x−1| − ½ln|x+1| + C.

Musanaphwanye, onetsetsani kuti mphamvu ya x pamwamba ndi yochepa kuposa ya pansi. Ngati si choncho, monga pa x³/(x²−1), yambani ndi kugawa kwautali, kumene kumapereka x + x/(x²−1), ndipo chotsalacho chimafuna u = x²−1 basi.