Kusintha kuwala kwa filimu chithunzi chitatuluka kale

M'mafilimu a katuni opangidwa pakompyuta mulibe kamera kapena nyali yeniyeni. Wopanga amamanga chipinda, mipando ndi anthu m'pulogalamu ngati Blender, kenako kompyuta imawerengera mmene kuwala kungagwere pa chinthu chilichonse mpaka chithunzi chituluke. Ntchito yowerengerayi amati kurenda, ndipo imadya nthawi. Sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24. Tiyerekeze kachigawo ka masekondi 10, chithunzi chilichonse n'kumatenga mphindi 5. Zithunzi zake ndi 240, ndiye kuti kompyuta ikhala ikulira maola 20.

Ndiye mwini filimu aziona m'mawa mwake n'kunena kuti nyali ya patebulo yazilala, aiwonjezere. Wosadziwa amayambiranso maola 20 aja. Wodziwa amakhala atagawiratu chithunzicho m'magawo asanayambe kurenda, ndipo amakonza m'mphindi zochepa.

Chimene chimatheketsa zimenezi ndi khalidwe la kuwala lenilenilo: kumaphatikizana ngati masamu a kusukulu. Mukajambula chipinda nyali yokha itayaka, n'kujambulanso dzuwa lokha likulowa pawindo, n'kuphatikiza manambala a kadontho kalikonse ka zithunzi ziwirizo, mupeza chithunzi chomwe mukanapeza zonse ziwiri zikuwala pamodzi. Kompyuta imatha kusunga zithunzi ziwirizi padera pa ulendo umodzi womwewo wowerengera.

Mu Blender, kuyambira mtundu wa 3.2 womwe unatuluka mu 2022, pali malo otchedwa Light Groups. Pa chipinda chathu chija mungapange magulu awiri, lina kulitcha `dzuwa`, lina `nyali`, n'kuika chowunikira chilichonse m'gulu lake. Kurenda kukatha mumapeza chithunzi chathunthu, komanso `Combined_dzuwa` ndi `Combined_nyali`. Cha nyalicho chimaoneka ngati usiku: tebulo lowala, khoma lapafupi lofiirira, kwinako mdima. Mumapita nazo ku Compositor, komwe zithunzi zimalumikizidwa, n'kuziphatikiza ndi Mix itaikidwa pa Add. Kuti nyali iwale kawiri, mumachulukitsa chithunzi chake ndi 2 musanaphatikize. Chosangalatsa n'chakuti kuwala komwe nyaliyo inamwaza pakhoma ndi kunyezimira kwake pa kapu zimakwera limodzi, chifukwa zonsezo zili m'gulu lake. Mungathenso kutsitsa dzuwa mpaka masana asanduke madzulo, kapena kusintha mtundu wa nyali kukhala wachikasu.

Pali kagawidwe kena kosatsata nyali koma mmene chinthu chimabwezera kuwala. Diffuse ndi kuwala komwazika, konga kwa pansalu, pomwe Glossy ndi kunyezimira. Chilichonse chimabwera m'zidutswa zitatu, ndipo chimabwezeretsedwa motere:

```
(DiffDir + DiffInd) * DiffCol
```

Kuwala kochokera ku nyali mwachindunji kumaphatikizidwa ndi kochita kudumpha pa zinthu zina, kenako zonse zimachulukitsidwa ndi mtundu wa chinthucho. Izi zimathandiza mphumi ya munthu ikanyezimira mopitirira: mumangotsitsa Glossy, khungu n'kukhala momwe linalili.

Ambiri amagwa posunga. Akasunga magawowa mu JPEG kapena PNG, masamu aja amasokonekera. Mafayilo amenewa sasunga kuwala kopitirira 1, pomwe pawindo pamene dzuwa lawomba nambala ikhoza kukhala 20. Yonseyo imadulidwa, ndipo mukatsitsa kuwala windolo limangokhala chigamba chotuwa chopanda kanthu. Kuonjezera apo, manambala ake amakhala atapindidwa kale kuti chithunzi chikome m'maso, choncho kuphatikiza sikumapereka yankho lolondola. Chofunika ndi OpenEXR, fayilo yomwe kampani ya Industrial Light & Magic inaitulutsa kwa aliyense mu 2003. Imasunga manambala osadulidwa, ndipo mtundu wake wa MultiLayer umanyamula magawo onse m'fayilo imodzi. Kulemera kokha imalemera, disiki imadzaza msanga.

Musanasinthe kanthu, yesani kaye. Phatikizani magawo onse momwe alili, n'kuyerekeza ndi chithunzi chathunthu, Mix itaikidwa pa Difference. Ngati zonse zili bwino muona mdima wokhawokha. Pakatsala kuwala, pali chowunikira chomwe sichinalowe m'gulu lililonse, ndipo kawirikawiri chimakhala thambo, lomwe mu Blender ndi World.

Njirayi ili ndi polekezera, ndipo eni mafilimu ena samvetsa msanga. Mphamvu ndi mtundu wa nyali zimasinthika, koma malo ake ayi. Mithunzi inawerengeredwa nyali ili pamalo amodzi, ndiye wofuna kuti ichoke patebulo ipite pashelefu ayenera kudikiranso maola 20 aja. Nyali yomwe inali yozilala kwambiri nayonso imavuta kukweza, chifukwa mukaichulukitsa ndi 8, timadontho tonga mchenga tomwe tinabisala mumdima timakwera nayo mpaka kuonekera. N'chifukwa chake ndi bwino kurenda nyali iliyonse ili yowalako ndithu, kuti ntchito ya pambuyo ikhale yotsitsa.