Kusandutsa sivi ya ntchito kukhala sivi ya kuyunivesite

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi digiri ya masitazi pa za kadyedwe koyenera, ndipo kwa zaka zingapo wakhala akugwira ntchito kubungwe lina lomwe si laboma ku Dedza. Wamva kuti ku Bunda, kuyunivesite ya LUANAR, akufuna lekichara, ndiye watulutsa sivi yake ya masamba awiri imene inamupezera ntchito imene ali nayoyi. Pansi pa udindo wake pali chiganizo chimene amachinyadira: anatsogolera kafukufuku m'mabanja 600, anathandiza kupeza ndalama za pulojekiti, analemba malipoti ndi mapepala, komanso anaphunzitsa alangizi a zaumoyo. Bwana wa bungwe atawerenga zimenezi angasangalale. Koma aphunzitsi amene akhala m'komiti yosankha lekichara angakande pamutu, chifukwa m'chiganizo chimenechi mwaunjikana zinthu zinayi zimene iwo amaziwerengera pachokhapachokha, ndipo palibe chimodzi chimene angachitsimikizire.

Apa ndi pamene masivi awiriwa amasiyanira. Sivi ya ntchito imalembedwa kuti ikope munthu wotanganidwa: imakhala yaifupi, imasankha zokoma zokha, ndipo zonse imazimangirira ku maudindo amene munthu wagwirapo. Sivi ya kuyunivesite ndi kaundula. Ilibe malire a masamba pokhapokha olemba ntchitowo atawaika, ndipo ya pulofesa imatha kupitirira masamba 20. Chofunika n'chakuti chinthu chilichonse chilembedwe pamalo pake, ndi chaka chake, mwa njira yoti munthu wokayika athe kuchifufuza n'kuchipeza. Choncho mayi wathuyu sakufunika kutalikitsa sivi yake. Ntchito imene ili patsogolo pake ndi yomasula chiganizo chija, n'kupititsa kachidutswa kalikonse ku gawo lake.

Tsamba loyamba silivuta. Pamwamba pakhale dzina, imelo, nambala ya foni ndi nambala ya ORCID, imene imakhala ndi manambala 16, imaperekedwa mwaulere, ndipo imasiyanitsa ofufuza a maina ofanana. Kwa ife a Banda ndi a Phiri, nambala imeneyi ndi yothandiza kwambiri. Kenako pabwere maphunziro, kuyambira digiri yaposachedwa kubwerera m'mbuyo, pamodzi ndi mutu wa kafukufuku wa masitazi ndi dzina la amene anamuyang'anira. Maudindo a ntchito atsatire, koma ofupikitsidwa: udindo, bungwe ndi zaka zake. Mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, za banja ndi masewero amene amakonda zichoke, pokhapokha chilengezo cha ntchito chitazipempha. Ngati siviyo ikupita ku Amereka kapena ku Mangalande, chithunzi ndi tsiku lobadwa nazonso zisaikidwe.

Gawo limene komiti imathamangira ndi la zofalitsidwa, limene pa siviyo limalembedwa `Publications`. Tinene kuti mayiyu ali ndi zolemba zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zinatuluka m'magazini a kafukufuku atazipenda akatswiri anzake, chimodzi mwa izo mu Malawi Medical Journal. Chachitatu mkonzi anachivomereza koma sichinatuluke. Chachinayi anatumiza ndipo akudikira yankho. Chachisanu ndi lipoti la bungwe lake, ndipo chachisanu ndi chimodzi ndi zimene anakamba pamsonkhano wa ofufuza ku Lilongwe. Atazilemba zonse mumndandanda umodzi, sivi ingaoneke yonenepa, koma wowerenga wodziwa amazindikira msanga, ndipo akangoona lipoti la bungwe litasakanikirana ndi mapepala opendedwa, amayamba kukayika ngakhale zoona zimene.

Njira yake ndi kuika timitu. Mapepala opendedwa ndi akatswiri ayambe, laposachedwa pamwamba. Pepala lovomerezedwa lija likhale nawo limodzi ndi mawu akuti `in press`, malinga kalata ya mkonzi ili m'manja. Lodikira yankho lipite pansi pa kamutu kake kakuti `under review`, chifukwa mawa likhoza kukanidwa. Malipoti akhale paokha, zokambidwa pamisonkhano paokhanso, ndi dzina la msonkhano, mzinda ndi chaka. Zimene munthu akuzilembabe, zomwe ambiri amaziika pansi pa `in preparation`, zisapitirire chimodzi kapena ziwiri, ndipo zikhale zoti akafunsidwa angathe kuonetsa zimene walemba kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo makomiti a mayunivesite amawerenga mapepala ndi nzeru yomweyo.

Pepala lililonse lilembedwe mokwanira: olemba onse, chaka, mutu, dzina la magazini, voliyumu, masamba ndi nambala ya DOI, imene nthawi zonse imayamba ndi 10 ndipo imamufikitsa wowerenga pa pepalalo. Maina a olemba akhale mmene alili pa pepala lenilenilo. Ngati mayiyu ndi wachinayi pa olemba asanu ndi awiri, akhale wachinayi, angodetsa zilembo za dzina lake kuti lioneke. M'maphunziro a zaumoyo malo a dzina amanena zambiri: woyamba nthawi zambiri ndi amene anagwira ntchito yaikulu, ndipo womaliza ndi mkulu amene anayang'anira kafukufukuyo. Kudzikwezera pamwamba ndi bodza limene aliyense angaligwire pongotsegula pepalalo. Vuto lina ndi magazini achinyengo amene amavomereza pepala m'masiku ochepa munthu akangolipira. Amene akukayika za magazini imene anafalitsamo ayambe wayang'ana ngati ikupezeka pa DOAJ kapena pa African Journals Online, ndipo afunsenso woyang'anira laibulale ya yunivesite, chifukwa pepala limodzi lotere limadetsa ena onse abwino.

Pa gawo la `Teaching`, mawu akuti “ndinaphunzitsa” sakwanira. Komiti ikufuna kudziwa ngati munthuyu angathe kutenga kosi, kuikonza, kuiphunzitsa semesita yonse ndi kuchonga mayeso ake. Mayi wathuyu pamene ankachita masitazi anathandizira lekichara wake kuyendetsa timagulu ta ophunzira a chaka chachiwiri. Alembe dzina la kosiyo, nambala yake, chaka cha ophunzirawo, chiwerengero chawo, semesita, ndi mawu osapita m'mbali akuti anali wothandizira, kosiyo sinali yake. Ngati anayang'anirapo kafukufuku wa ophunzira a chaka chomaliza, aike kamutu kena, anene kuti anali angati, chaka chiti, ndiponso ngati anamaliza. Maphunziro a masiku atatu amene anachititsa kwa alangizi a zaumoyo ndi ntchito yabwino, koma si kosi ya kuyunivesite. Akhale pansi pa kamutu ka maphunziro afupiafupi, ndi mutu wake, malo ndi chiwerengero cha amene anabwera.

Gawo la `Grants`, la ndalama za kafukufuku, ndi pamene anthu ochokera m'mabungwe amaterereka kwambiri. Sivi yakale ija imati mayiyu “anathandiza kupeza” madola 250,000. Funso la komiti ndi limodzi: dzina lake linali pati pa pempho la ndalamazo? Ngati linalembedwa monga mtsogoleri wa kafukufuku, alembe `Principal Investigator`. Ngati linalembedwa monga mnzake wa mtsogoleri, alembe `Co-Investigator`. Ngati anangolemba chigawo chimodzi cha pempholo monga wantchito wa bungwe, ndalamazo si zake, ndipo nkhaniyo ikhale mzere umodzi pansi pa udindo wake wa ntchito. Pamenepo mwina m'gawoli mungotsala madola 5,000 amene anapempha yekha kuti achitire kafukufuku wa masitazi. Ndalama zochepazo n'zimene komiti ingaziwerengere, chifukwa zikuonetsa kuti iye mwini analemba pempho, anapikisana ndi ena, napambana.

Thandizo lililonse likhale ndi dzina la opereka, mutu wa kafukufuku, udindo wa mwini sivi, zaka zake ndi kuchuluka kwa ndalama. Ndalamazo zilembedwe mu mtundu umene zinaperekedwera, kaya ndi madola, mapaundi kapena makwacha, ndi chaka chake pambali. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, choncho munthu akasandutsa madola a mu 2021 kukhala makwacha a lero amatulutsa nambala yaikulu imene sikupezeka m'kalata iliyonse. Ndalama zolipirira sukulu ndi mphoto zisalowe muno, zili ndi gawo lawo la `Awards`.

Gawo lomaliza pa anayiwa ndi `Service`, ntchito zimene munthu amagwirira yunivesite ndi anzake a ukatswiri umodzi popanda malipiro apadera. Muno mumalowa kupenda mapepala a magazini, kukhala m'komiti ya dipatimenti, kukonza msonkhano wa ofufuza, udindo m'bungwe la akatswiri, ndi kufotokozera anthu za kafukufuku pawailesi kapena kumudzi. Amene anapendapo pepala atchule dzina la magazini ndi chaka basi, osatchula mutu wa pepalalo kapena eni ake, chifukwa ntchitoyo ndi yachinsinsi. Mayi wathuyu anakhalapo m'komiti ya za kadyedwe ya boma la Dedza, ndipo zimenezo zikugwirizana ndi ukatswiri wake, ndiye zilowe. Usungichuma wa kwaya ya kumpingo usalowe.

Magawo anayiwa alibe ndondomeko imodzi yokhazikika. Pa ntchito imene mtima wake ndi kafukufuku, monga m'mapulojekiti a zaumoyo, zofalitsidwa ndi ndalama za kafukufuku zibwere maphunziro ndi maudindo zikangotha, kuphunzitsa kutsatire. Pa ntchito ya lekichara amene adzakhala ndi makalasi ambiri, kuphunzitsa kukhoza kukwera pamwamba pa ndalama, makamaka ngati gawo la ndalamalo lili ndi mzere umodzi. Chotsogolera ndi chilengezo cha ntchitoyo: chimene achitchula koyamba ndi kuchibwereza n'chimene chiyenera kuoneka pofika tsamba lachiwiri. Ndipo ngati yunivesite kapena opereka ndalama ali ndi fomu yawoyawo, fomuyo ndiyo lamulo. Gawo lopanda kanthu lisalembedwe n'komwe, chifukwa mutu wopanda mzere pansi pake umangolozera wowerenga pamene pali mpata.

Zonse zikatha, sivi ya mayiyu ikhoza kufika masamba anayi, ndipo mawu odzitama amene anali m'yakale ija atha. Asanaitumize, aipereke kwa mnzake amene sadziwa mbiri yake, amuuze kuti asankhe mizere itatu iliyonse, ayese kuitsimikizira. Ngati DOI ikutsegula pepala loyenera, ngati udindo wa pa ndalama ukufanana ndi wa m'kalata ya opereka, ngati lekichara uja angavomere pafoni kuti mayiyu analidi wothandizira pa kosi yake, siviyo yakonzeka. Mzere umene walephera ukonzedwe kapena uchotsedwe, pakuti pa tsiku la mafunso m'komiti mudzakhala wina amene anachita kale kafufuzidwe komweko.